Kababu Kayaka Koma Mota Yakana: Chimene Chimasowa Pakati pa Pini ndi Mota

Aliyense amene wayamba kuphunzira kugwiritsa ntchito kabolodi ka Arduino amayambira pa kababu. Amalumikiza kababu kakang'ono ka LED pa pini imodzi, n'kulemba mizere itatu kapena inayi ya pulogalamu, ndipo kababuko kamayamba kuthwanima monga wakauzira. Pamenepo mtima umakula. Munthu amaganiza kuti ngati pini yatha kuyatsa kababu, ndiye kuti ikhoza kuzungulitsanso mota, popeza zonsezi ndi zamagetsi. Amachotsa kababu, n'kulowetsa mawaya awiri a mota m'malo mwake. Mota ija imangoti njenjenje, kapena kulira ngati udzudzu, kapenanso kungokhala duu. Nthawi zina kabolodi konse kamazima n'kuyambiranso kokha. Ndipo tsiku lotsatira, akabwezeretsa kababu pa pini yomweyo, amapeza kuti sikakuyakanso ngakhale pulogalamu sinasinthe. Pini yafa.

Vutoli silichokera mu pulogalamu, ndipo silitha ngakhale mutailemba bwanji. Likuchokera pa mfundo yakuti pini ya mayikulokontirola inapangidwa kuti izilamula, osati kunyamula katundu. Kuti zimveke bwino, tiyeni titsatire makina amodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Tiyerekeze kuti mukupanga makina ofungatira mazira a nkhuku oyendera batire la sola. Mazira amaswa pakatha masiku 21, ndipo mpaka cha pa tsiku la 18 amafunika kumatembenuzidwa kangapo pa tsiku kuti kamwanapiye kasakanirire ku chikamba. Thadzi limachita zimenezi ndi mlomo wake. Inu mukufuna kuti thireyi ya mazira izipendekeka yokha, nthawi ina kumanzere, nthawi ina kumanja, ngakhale pakati pa usiku inu muli m'tulo. Mwapeza mota yaing'ono ya mavoluti 12 yokhala ndi magiya, ndipo muli ndi Arduino Uno yoti iziwerenga nthawi.

Pamtima pa Arduino Uno pali kachipi kotchedwa ATmega328P. Kachipi kameneka ndiye mayikulokontirola, kakompyuta kathunthu kokhala pa kachidutswa kochepa kuposa chala. Pulogalamu ikanena kuti HIGH, pini imapereka mavoluti 5. Ikanena kuti LOW, pini imatsika kufika pa ziro. Koma voteji ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi kalenti, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa m'waya, ndipo amayezedwa m'maampu. Opanga kachipika analemba kuti pini imodzi isapitirire mamiliampu 40 zivute zitani, ndipo malire ogwirira ntchito tsiku ndi tsiku ndi mamiliampu 20. Mamiliampu 1,000 ndiwo amapanga ampu imodzi. Palinso malire ena amene ambiri sawaona: mapini onse pamodzi asapitirire mamiliampu 200. Kababu ka LED kamakhuta ndi mamiliampu 10 kapena 15, n'chifukwa chake sikavuta.

Nanga mota yanu ikufuna zingati? Simufunika kulota. Tengani mita yoyezera magetsi, ikani pa maomu, ndipo gwirani mawaya awiri a mota isanalumikizidwe kulikonse. Zungulizani pang'ono shafuti yake n'kuyezanso, chifukwa nambala imasinthasintha malinga ndi pamene mabulashi akhudza. Tengani yotsika kwambiri. Tinene kuti mwapeza maomu 8. Lamulo la Ohm limanena kuti kalenti amapezeka pogawa voteji ndi maomu:

```
I = V / R = 12 / 8 = 1.5 A
```

Maampu 1.5 ndi mamiliampu 1,500. Pini imapereka 20. Mota yanu ikufuna kalenti wochuluka ka 75 kuposa amene pini ingapereke bwinobwino.

Wina anena kuti, "Koma pa mota yanga palembedwa kuti imadya maampu 0.25 okha." Sakunama, ndipo apa ndi pamene pali chinthu chokoma kuchimvetsa pa nkhani ya mota.

Mkati mwa mota muli makoyilo a waya wa kopa amene amazungulira pakati pa maginito. M'chaka cha 1831 Michael Faraday wa ku England anapeza kuti waya ndi maginito zikamadutsana, m'wayamo mumabadwa voteji. Dayinamo ya njinga imagwira ntchito motero, ndipo ndi dayinamo yotereyi imene William Kamkwamba anamangirira pa makina ake oyendera mphepo ku Wimbe m'boma la Kasungu. Choncho mota iliyonse ikamazungulira imakhalanso jenereta nthawi yomweyo, ifune isafune. Mukhoza kudzionera nokha: lumikizani mita pa mawaya a mota, ikani pa mavoluti, n'kuzunguliza shafuti ndi dzanja, nambala zidzayamba kukwera. Voteji imene mota imapangayi imalimbana ndi ya batire. Mota yanu ikafika pa liwiro lake, imakhala ikubweza mavoluti pafupifupi 10, ndipo otsala oti akankhe kalenti m'makoyilo ndi 2 okha. Gawani 2 ndi maomu 8 aja, mupeza maampu 0.25 amene alembedwa pa mota paja.

Koma pa kamphindi kamene mota ikuyamba kumene, shafuti isanasunthe, palibe voteji yobwerera. Mavoluti onse 12 amagwera pa maomu 8, ndipo mota imameza maampu 1.5 athunthu. Zimachitika pa kudzuka kulikonse. Zimachitikanso thireyi ikakodwa pa chinachake mota n'kuima magetsi ali chiyakire, koma pamenepo sizitha m'kamphindi, zimapitirira mpaka wina azimitse kapena chinachake chipse. Nambala yolembedwa pa mota ndi ya nthawi ya mtendere. Posankha zipangizo, nambala yofunika ndi ya nthawi imene mota yaima.

Tsopano taonani chimene chimachitika mukaumirira kulumikiza mota molunjika pa pini. Mkati mwa pini muli kathiranzisita kakang'ono zedi, ndipo kamakhala ngati lezisita ya maomu pafupifupi 25. Phatikizani ndi maomu 8 a mota, mupeza 33. Mavoluti 5 kugawa ndi 33 zikupereka mamiliampu pafupifupi 150 pa pepala, kupitirira malire aja a 40 pafupifupi kanayi. Ndipo pa mavoluti 5 amenewo, mota imangolandirapo imodzi ndi pang'ono. Otsalawo amasanduka kutentha mkati mwa kachipi. Mbali zonse ziwiri zaluza: mota sikupeza zokwanira kuti idzuke, kachipi kakupsa. Choipa n'chakuti kachipi sikafa nthawi yomweyo nthawi zonse. Kamatha kupirira masiku angapo, munthu n'kumaganiza kuti zake zayenda, kenako pini imodzi imangosiya kumvera. Pa Uno mwina mupulumuka ndi pini imodzi yakufa. Mabolodi a mavoluti 3.3 monga Raspberry Pi ndi osalimba kuposa pamenepa, popeza pini yake malire ake ndi mamiliampu 16.

Palinso njira ina yowonongera kachipi imene imaoneka yanzeru: kutenga waya umodzi wa mota kupita ku batire la mavoluti 12, winawo ku pini, poganiza kuti pini ikatsika pa ziro mota izungulira. Pini siloledwa kuona voteji yoposa ya kachipi ndi theka la voluti. Mavoluti 12 akafika pamenepo amadutsa m'kadayodi koteteza kamene kali mkati, n'kulowa mu mzere wonse wa mavoluti 5, ndipo chimene chimafa si pini imodzi yokha ayi.

Yankho lake aliyense amene anatsegulapo boneti ya galimoto analiona kale. Kiyi wa galimoto ali ndi timawaya tating'ono, pamene sitata imadya maampu oposa 100 ndipo waya wake ndi wonenepa ngati chala. Kiyi sanyamula kalenti wa sitata. Iye amangopereka pang'ono ku solenoidi, ndipo solenoidiyo ndi imene imatseka njira yaikulu yochokera ku batire. Thiranzisita imachita ntchito ya solenoidi pakati pa pini ndi mota, kungoti ilibe chilichonse choyenda mkati mwake, ndipo ikhoza kutseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi imodzi osatopa. Kuyambira pamene John Bardeen ndi Walter Brattain anaonetsa yoyamba ku Bell Labs ku America mu 1947, ntchito yake yaikulu yakhala yomweyi: kanthu kochepa kulamula chinthu chachikulu.

Thiranzisita ili ndi miyendo itatu. Iwiri ndi njira ya kalenti wamkulu, ndipo wachitatu ndi womvera lamulo. Kalumikizidwe kake ndi kotere: waya wa + wa batire upite ku mota, waya wina wa mota upite ku thiranzisita, ndipo kuchokera pa thiranzisita njira ibwerere ku − ya batire. Pini ilumikizidwe ku mwendo womvera uja kudzera pa lezisita. Kalenti wa mota sadutsanso m'kachipi ngakhale pang'ono.

Komabe si thiranzisita iliyonse imene ingathe. Imene imapezeka kwambiri m'timabokosi ta ophunzira ndi 2N2222, ndipo ambiri amaithamangira chifukwa ili pafupi. Imanyamula kalenti wosafika ampu imodzi, ndiye pa mota yathu yagwa kale. Ilinso ndi vuto lina. Thiranzisita zamtundu umenewu zimafuna kalenti pa mwendo womvera, ndipo kuti zitseguke kotheratu akatswiri amawerengera gawo limodzi mwa magawo khumi a kalenti wa katundu. Pa maampu 1.5 ndiye kuti mamiliampu 150, amene pini ilibe. Thiranzisita ikatseguka mwatheka imakhala ngati lezisita, ndipo imatentha mpaka kupsa. TIP120, imene mkati mwake muli mathiranzisita awiri otsatizana, imathetsa vutoli: ndi lezisita ya maomu 1,000 imangotenga mamiliampu atatu kapena anayi ku pini, ndipo imanyamula mpaka maampu 5. Mtengo wake ndi wakuti imadyako voluti imodzi kapena kupitirira pang'ono, imene imasanduka kutentha.

Ine ndikanasankha mosifeti, mtundu wa thiranzisita umene umamvera voteji m'malo mwa kalenti. Miyendo yake imalembedwa G, D ndi S. G ndiwo womvera, D upite ku mota, S upite ku − ya batire. Chitsanzo chabwino ndi IRLZ44N, imene ikapatsidwa mavoluti 5 pa G imatseguka mpaka kutsala ndi maomu pafupifupi 0.03 okha. Ngakhale mota itaima n'kumakoka maampu 1.5, kutentha kwake sikufika gawo limodzi mwa magawo khumi a wati. Mukaigwira imakhala yozizira. Koma pogula yang'anitsitsani zilembo. Pali ina yofanana nayo maonekedwe ndi dzina, IRFZ44N, imene imafuna mavoluti 10 pa G kuti itseguke bwino. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, L ndi F, ndipo wogulitsa akhoza kukuuzani ndi mtima wonse kuti ndi chimodzimodzi. Pa mavoluti 5 a Arduino, ya F ija imatseguka mosakwanira, ndipo pa kabolodi ka mavoluti 3.3 mwina siyankha n'komwe.

Mosifeti imafuna malezisita awiri. Ya maomu 220 ikhale pakati pa pini ndi G, kuti pini isakokedwe mwadzidzidzi pa kamphindi kotsegula. Ya maomu 10,000 ikhale pakati pa G ndi S. Yachiwiriyi ambiri amaisiya, koma ili ndi ntchito: Arduino ikangoyatsidwa, pulogalamu isanayambe, mapini ake amakhala osalamula chilichonse, ndipo G wosiyidwa yekha amatola magetsi alionse oyandama, ngakhale a m'chala chanu. Zotsatira zake mota imagwedezeka yokha nthawi iliyonse magetsi akabwera, ndipo pa thireyi yodzaza mazira zimenezo si zoseketsa.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi waya umodzi wokha: − ya batire la mota iyenera kulumikizana ndi pini ya Arduino yolembedwa GND. Voteji ndi kusiyana kwa malo awiri. Mavoluti 5 a pini ndi 5 poyerekeza ndi GND ya Arduino, ndipo ngati mosifeti sikuidziwa GND imeneyo, lamulo la pini kwa iyo lilibe tanthauzo. Mukaona kuti zonse mwalumikiza bwino koma mota ikungokhala chete, kapena ikuyaka ndi kuzima mukayandikiza dzanja, yambani mwayang'ana waya umenewu.

Tafotokoza za kuyatsa. Ngozi yachiwiri imabwera pozimitsa, ndipo ndi yobisika kuposa yoyamba.

Koyilo imene mukudutsa kalenti imasunga mphamvu mu maginito amene yapanga, ndipo siilola kuti kalentiyo aime mwadzidzidzi. Mukadula njira, koyilo imakweza voteji yake mpaka itapeza podutsira. Kukula kwa votejiyo kumadalira kukula kwa koyilo, kuchuluka kwa kalenti, ndi kufulumira kwa kudulako. Thiranzisita imadula mofulumira kwambiri, m'gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, kotero kuti pa pepala mota yathu ikhoza kufuna kukwera mpaka mavoluti mazanamazana. Sifika kumeneko, chifukwa isanafike imakhala itaboola kale chinachake, ndipo kawirikawiri choboolekacho ndi thiranzisita. Mphamvu yomweyi ndi imene amaigwiritsa ntchito mwadala pa injini ya petulo: koyilo imadulidwa kalenti mwadzidzidzi, ndipo kuchokera pa batire la mavoluti 12 pamatuluka mavoluti masauzande ambiri amene amalumpha pa pulagi ngati moto.

Mankhwala ake ndi kachipangizo kotsika mtengo kwambiri pa zonse: dayodi, imene imalola kalenti kudutsa mbali imodzi yokha. Imaikidwa modutsa pa mawaya awiri a mota, mbali yokhala ndi kamzere italoza ku + ya batire. Mota ikamayenda, dayodi imakhala yotseka ndipo sichita kanthu. Thiranzisita ikangodula, kalenti wa m'koyilo amapeza njira kudzera mu dayodi n'kumazungulira m'mota momwemo mpaka atatheratu, ndipo voteji pa thiranzisita imangokwera pang'ono chabe pamwamba pa ya batire. Dayodi ya 1N4007 ndi yokwanira pa mota yoyatsidwa ndi kuzimitsidwa mwa apo ndi apo ngati yathuyi. Pamene pakufunika kuyatsa ndi kuzimitsa mofulumira, 1N5819 ndi yabwinoko. Samalani mbali yake. Mukaitembenuza, thiranzisita ikangotseguka batire limapeza njira yachidule yosadutsa m'mota, ndipo mudzamva fungo musanaone cholakwika.

Chizindikiro cha thiranzisita imene yabooledwa n'chodabwitsa kwa oyamba kumene. Nthawi zambiri siifa yotseka, imafa yotsegula. Mota imangozungulira osaleka, pulogalamu inene HIGH kapena LOW, ngakhale mutazula waya wa ku pini n'kugwirizitsa G ku GND.

Mpaka pano mota yathu ikuzungulira mbali imodzi yokha. Pa pampu ya madzi zikanakwanira. Koma thireyi ya mazira ikufunika kupita ndi kubwerera, ndipo mota yamtunduwu imabwerera m'mbuyo pokhapokha + ndi − zitasinthana pa mawaya ake. Thiranzisita imodzi singachite zimenezo. Pamafunika zinayi.

Jambulani chilembo H. Mota ikhale pa kamzere kapakati. Pamwamba pa miyendo iwiri pakhale + ya batire, pansi pakhale −. Mwendo uliwonse ukhale ndi maswichi awiri, ina pamwamba pa kamzere kapakati, ina pansi pake. Mukatseka ya pamwamba kumanzere ndi ya pansi kumanja, kalenti amawoloka m'mota kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukazitsegula n'kutseka ziwiri zinazo, amawoloka mobwerera, ndipo mota imatembenuka. Umenewu ndiwo mlatho wa H, umene m'masitolo ndi pa mapaketi umalembedwa kuti H-bridge. Ulinso ndi luso lina: mukatseka maswichi awiri apansi okha, mawaya a mota amagwirana, jenereta ija ya mkati imadzilimbana yokha, ndipo mota imaima msanga ngati yamangidwa mabuleki.

Ngozi ya mlathowu imaonekera pa chojambula chomwecho. Ngati maswichi awiri a mwendo umodzi, yapamwamba ndi yapansi, atsekedwa nthawi imodzi ngakhale kwa kamphindi, + ndi − za batire zimakumana popanda mota pakati. Batire la sola likhoza kutulutsa maampu ochuluka zedi pa nthawi yotero, ndipo mathiranzisita amapsa pulogalamu isanafike pa mzere wotsatira. Kuwonjezera apo, maswichi apamwamba ali pa mavoluti 12, ndipo pini ya mavoluti 5 singawalamule molunjika. Pa zifukwa ziwirizi sindilangiza woyamba kumene kuti amange mlatho wake ndi mathiranzisita anayi omwazikana, pokhapokha ngati cholinga chake ndi kuphunzira ndipo ali ndi ena osungira. Mlatho wogula uli kale ndi zonse mkati, ndipo unakonzedwa kuti pini imodzi izilamula mwendo wonse, kotero kuti simungatseke maswichi onse awiri molakwitsa.

Wodziwika kwambiri ndi kabolodi kofiira ka L298N. Kamanyamula maampu 2 pa mota iliyonse, kamayendetsa mamota awiri, ndipo madayodi oteteza ali kale pakabolodipo. Mota ilumikizidwe pa OUT1 ndi OUT2, mapini awiri a Arduino apite pa IN1 ndi IN2 kuti azisankha mbali, ndipo yachitatu ipite pa ENA, mutachotsa kaye kajampa kamene kamabwera pamenepo. Pulogalamu yake ndi yaifupi:

```
pinMode(7, OUTPUT); digitalWrite(7, HIGH);  // IN1
pinMode(8, OUTPUT); digitalWrite(8, LOW);   // IN2
analogWrite(9, 180);    // ENA
```

Kusinthanitsa HIGH ndi LOW kumatembenuza mota. Mzere wachitatuwo ndi wa liwiro. Lamulo la analogWrite silichepetsa voteji. Limayatsa ndi kuzimitsa pini pafupifupi ka 490 pa sekondi, ndipo nambala ya pakati pa 0 ndi 255 imanena kutalika kwa nthawi yoyaka. Pa 180 mota ikulandira magetsi pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi a nthawi. Mukatsitsa kwambiri, tinene pa 50, mudzamva mota ikulira koma osasuntha. Sinawonongeke, kulirako ndi kuyaka ndi kuzima kuja, ndipo mphamvu yake sikukwana kudzutsa thireyi.

Kunena zoona, L298N ndi chipangizo chachikale ndipo n'chowononga magetsi. Chimadyako mavoluti awiri kapena atatu mota isanalandire, ndiye pa batire la 12 mota yanu iona 9 kapena 10. Mota ikaima n'kumakoka ampu imodzi ndi pang'ono, mawati pafupifupi atatu amasanduka kutentha, n'chifukwa chake kabolodika kali ndi chitsulo chachikulu chakuda choziziritsira. Pa mota ya mavoluti 12 zimenezi n'zopiririka. Pa timamota tachikasu ta tigalimoto ta ophunzira, toyendera mabatire anayi a tochi, kutaya mavoluti awiri mwa asanu ndi limodzi ndi chifukwa chake kagalimoto kamayenda ngati kali ndi njala. Milatho yatsopano ya mamosifeti, monga TB6612FNG, siitaya zambiri chotero. Koma pa makina athu a mazira iyeneranso kuyang'anidwa kawiri: imanyamula maampu 1.2 mosalekeza, pamene mota yathu ikaima imafuna 1.5, ndipo malire ake ogwirira ntchito ndi mavoluti 13.5, pamene batire la 12 likamatchajidwa ndi sola masana limakwera kupitirira 14. Chatsopano sichikhala choyenera nthawi zonse. Manambala awiri aja, kalenti wa mota yoima ndi voteji yapamwamba ya batire, ndiwo amaweruza. Ngakhale pa L298N, batire likamakwera motero ndi bwino kuchotsa kajampa kena kamene kamayatsa kachipangizo kopangira mavoluti 5 pakabolodipo, n'kukapatsa mavoluti 5 ochokera kwina, chifukwa kachipangizoko kamatentha voteji ikapitirira 12.

Pali msampha umodzi umene umabwera ndi mlatho wa H wokha. Mota ikamathamanga mbali imodzi, inu n'kuitembenuza nthawi yomweyo, voteji ija yobwerera siilimbananso ndi batire, imagwirizana nalo. Mavoluti 12 kuphatikiza 10 ndi 22, ndipo kugawa ndi maomu 8 zikupereka maampu 2.75, kuposa ngakhale kalenti wa mota yoima, komanso kupitirira maampu 2 a L298N. Magiya nawonso amamva kuwawa. Choncho mu pulogalamu muzimitse kaye ndi analogWrite(9, 0), mudikire theka la sekondi, kenako musinthe mbali.

Mwina mukufunsa ngati rileyi singachite ntchito yonseyi. Ikhoza, ndipo pa thireyi imene imangosuntha kangapo pa tsiku popanda kufuna kusintha liwiro, marileyi awiri osinthira uku ndi uku amapanga mlatho wabwino wosataya voteji. Koma dziwani kuti rileyi nayonso ili ndi koyilo, imene pa ya mavoluti 5 imadya mamiliampu pafupifupi 70. Nayonso singalumikizidwe molunjika pa pini. Mukayang'anitsitsa kabolodi ka rileyi kogula, mupezapo kathiranzisita ndi kadayodi pambali pake.

Chatsala ndi gwero la magetsi, pamene ambiri amene achita zonse bwino amapunthwa. Musatenge magetsi a mota pa pini ya Arduino yolembedwa 5V. Kabolodi kakakhala pa USB, zonse pamodzi zili ndi mamiliampu 500 okha, ndipo mota ikadzuka voteji imagwa, kachipi n'kuzima n'kuyamba pulogalamu pachiyambi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira: nthawi iliyonse mota ikangoti iyambe, kababu kapakabolodi kamathwanima ngati mwangoyatsa kumene, ndipo mota imagwedezeka n'kuima, n'kugwedezekanso. Pa makina owerenga nthawi ngati athu, kuyambiranso kotere kumafufuta mawerengero onse. Mota itenge magetsi ake molunjika ku batire ndi mawaya akeake okulirapo. Kapasita ya mamayikulofaladi 470 pafupi ndi mlatho imathandiza kudzaza kampata ka pa kudzuka, ndipo kakapasita kakang'ono kolembedwa 104, kowotchereredwa pa mawaya a mota penipenipo, kamachepetsa phokoso la magetsi lochokera ku tizimoto ta mabulashi, limene limatha kusokoneza choyezera kutentha.

Pomaliza penipeni pa ntchitoyi ikani zinthu ziwiri zoteteza mota yoima. Kumapeto kwa ulendo wa thireyi, mbali iliyonse, kukhale kaswichi kamene thireyi ikakagunda Arduino imadziwa kuti yafika. Ndipo popeza kaswichi kakhoza kuthyoka kapena waya wake kuduka, pulogalamu iziwerenganso nthawi: ngati ulendo umatenga masekondi 8, ndipo masekondi 12 adutsa popanda kaswichi kuyankha, izimitse mota n'kuyatsa kababu kochenjeza. Pa waya wa + pafupi ndi batire ikanipo fiyuzi ya maampu 3, yaikulu mokwanira kulola kudzuka kwa mota, koma yoduka msanga mawaya akagundana.